Kalata kwa a Shehe: Kodi golide wa akazi anga aperekeredwe zakati?

Chinamwali,
Zomba.
12 Febuluwale 2025

A Shehe olemekezeka,

Assalamu alaikum wa rahmatullahi wa barakatuh.

Ndikhulupirira kuti Allah akukusungani bwino pamodzi ndi onse a pakhomo panu. Kuno tili bwino, alhamdulillah. Ine ndine uja ndimagulitsa nsalu ndi zitenje mumsika waukulu wa Zomba, amene ndinakuimitsani pakhomo la mzikiti Lachisanu lapitali titatha Juma. Munali pa changu chopita ku maliro ku Songani ndipo munati nkhani yangayo ndiilembe, chifukwa za chuma sizifuna kuyankhira panjira.

Funso langa ndi lakuti, kodi zodzikongoletsera za golide za akazi anga zikuyenera kuperekeredwa zakati kapena ayi?

Ndiyambe ndafotokoza zimene ali nazo ndi m'mene zinabwerera. Pa nikaha yathu mu 2014 ndinawapatsa tcheni cha m'khosi ngati mahari. Pambuyo pake ndinawagulira ndolo ndi mphete ziwiri. Izi amavala pafupifupi tsiku lililonse. Mu 2019 apongozi anga aakazi anamwalira, Allah awachitire chifundo, ndipo pogawa za masiye akazi anga analandira zibangiri zinayi zimene malemuwo anagula nthawi imene ankachita geni yopita ku Tanzania. Kenaka mu 2022 alongo awo amene ali ku Joni anawatumizira mkanda wagolide, umene amavala pa Idi ndi pa maukwati basi.

Mwezi wathawu tinapita nazo zonse ku Limbe kwa munthu wodziwa za golide kuti atiikire pa sikelo. Zibangiri zinalemera magalamu 48, mkanda 19, ndipo anati ziwirizi ndi za makarati 22. Tcheni cha mahari chinalemera magalamu 21, ndolo ndi mphete 14, koma izi ndi za makarati 18. Zonse pamodzi ndi magalamu 102. Anatifotokozera kuti wa makarati 18 amakhala golide weniweni magawo atatu mwa anayi, ndipo wa 22 amakhala magawo 22 mwa 24, kwinako ndi zitsulo zina zongolimbitsira. Nditawerengetsa ndinapeza kuti golide weniweni ndi magalamu pafupifupi 88. Ku madrasa tinaphunzira kuti nisabu ya golide ndi magalamu 85, ndipo ena amati 87 ndi theka. Mukuona, a Shehe, kuti tangodutsa malire pang'ono kwambiri, ndipo n'chifukwa chake sindikufuna kuganiza ndekha.

Chimene chatisokoneza n'chakuti tamva mayankho awiri kwa anthu amene onse timawalemekeza. Mwalimu amene anandiphunzitsa ndili mwana kwathu ku Jali ankati ife timatsata Imamu Shafi, ndipo kwa iye golide amene mayi amavala mololedwa alibe zakati, ali ngati zovala zake. Ndinamvanso kuti Imamu Maliki ndi Imamu Ahmad anaona chimodzimodzi, ndiponso kuti mayi Aisha, Allah asangalale nawo, ankalera ana aakazi amasiye a mlongo wawo amene anali ndi zodzikongoletsera, koma sankaziperekera zakati. Koma bwana amene ndimaoda kwa iwo nsalu ku Limbe, Msilamu wotsata Imamu Abu Hanifa, anandiuza mosazungulira kuti golide ndi golide, kaya ali m'bokosi kaya ali pa mkono, akakwana nisabu n'kutha chaka, zakati yake ndi 2.5 pa 100 iliyonse. Anatchula hadisi ya mayi amene anabwera kwa Mtumiki, swallallahu alaihi wa sallam, ndi mwana wake wamkazi atavala zibangiri ziwiri zagolide, Mtumiki n'kumufunsa ngati amaziperekera zakati, n'kumuchenjeza za zibangiri za moto tsiku la Kiyama.

Nditawauza akazi anga hadisi imeneyi, mtima wawo sunakhalenso m'malo. Iwo ndi munthu woopa Mulungu, saphonya swala, ndipo pa madarasa a amayi anamvaponso ndime 34 ya Surat Tawba yonena za osunga golide ndi siliva osapereka m'njira ya Allah. Anandiuza kuti, "Bambo, ngati muli gawo la osauka m'bokosi langali, sindifuna kugona nalo m'nyumba." Ine sindikufunafuna khomo lothawira. Koma sindifunanso kuti agulitse chikumbutso cha mayi awo chifukwa cha mantha, pa chinthu chimene mwina Allah sanawalamule.

Pamene pavuta kwenikweni ndi pa zibangiri zija. Chilandirireni sanazivalepo kupatula kamodzi, pa ukwati wa mng'ono wawo, chifukwa ndi zazikulu, zimavuka pa mkono. Zimangokhala zokulunga m'kansalu. Namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la nyumba yathu mu Malichi 2023, iwo eni anati ngati ndalama zokonzera sizipezeka tigulitse chibangiri chimodzi. Sitinagulitse, Allah anatsegula njira ina, koma kuyambira pamenepo amanena kuti zibangirizo ndi za tsiku la mavuto kapena fizi ya ana. Ndiye kodi chinthu chotere tingachitchulebe chovala, kapena chasanduka chuma chosunga? Ndamva kuti ngakhale kwa Imamu Shafi, golide wosungidwa ngati chuma amaperekeredwa zakati. Ngati ndi choncho, zibangiri pazokha sizikwana nisabu. Koma akazi anga ali ndi kabizinesi kawo kogulitsa mpunga wa ku Chilwa, ndipo amakhala ndi ndalama ku foni zimene zimatha chaka. Kodi ndalamazo ziphatikizidwe ndi zibangiri powerengera?

Chinanso, ngati zakati ilipo, ndani apereke? Golideyu ndi wawo, mahari ndinapereka ndi mtima umodzi ndipo ndilibe nawo gawo. Powerengera 2.5 pa 100 ya magalamu 88 zikubwera magalamu awiri ndi kanthu pa chaka, ndipo m'mene kwacha yagweramu imeneyo si ndalama yochepa kwa iwo. Ine ndingathe kuwaperekera kuchokera ku shopu, akandilola. Kodi zikatero udindo wawo watha pamaso pa Allah? Nanga mtengo titenge umene wogula angatipatse titagulitsa lero, kapena umene amagulitsira zatsopano? Mitengo iwiriyi ndi yotalikirana ndithu.

Za zaka za m'mbuyo nazonso mutiunikire. Golide yense pamodzi anakwana nisabu pamene mkanda unafika mu 2022, m'mwezi wa Shawwal. Ngati mutati titsate kuti golide yense ali ndi zakati, ndiye kuti zaka ziwiri za mwezi zadutsa kale osapereka, chachitatu chili pafupi. Kodi imeneyi ndi ngongole yoti tibweze, ndipo tingabweze pang'onopang'ono?

Oyenera kulandira sitisowa. Azakhali a akazi anga ku Kachulu ndi amasiye, akulera zidzukulu zitatu, ndipo chimanga cha chaka chatha sichinawachitire bwino ndi ng'amba ija. Akazi anga akufuna kudziwa ngati n'zololedwa kuwapatsa iwowo zakatiyo pokhala ndi abale.

Ramadhani yatsala masabata ochepa, ndipo tikanakonda kulowa m'mwezi wosala nkhaniyi itatha. Ngati kuyankha polemba kungakutayitseni nthawi, tiuzeni tsiku loti tibwere tonse awiri pambuyo pa swala ya Asiri, kuti eni golidewo amve okha kuchokera pakamwa panu ndi kufunsa zimene ine ndasiya. Kapepala ka sikelo kaja tidzabwera nako. Yankho mungapatsire muazini wa mzikiti wathu, amandidziwa.

Allah akuonjezereni kuzindikira ndi moyo wautali. Mutikumbukire m'maduwa anu.

Wassalamu alaikum.

Ine mwana wanu m'Chisilamu,
Wogulitsa nsalu wa ku Chinamwali