Mjigo wa nambala 17

Tadala adafika pa Ngabu dzuwa lili paliwombo. Mwezi unali Okutobala, ndipo ngakhale mbuzi zinali zitabisala pansi pa nkhokwe. Adakwera kabaza kupita kumudzi kumene zaka ziwiri zapitazo adatunga madzi a kafukufuku wake, madzi amene adamupatsa dzina pa yunivesite. Pepala lake lonena za mchere m'mijigo 64 ya ku Chikwawa ndi Nsanje lidatuluka m'magazini yasayansi ya kunja. Tsikulo m'chikwama munali kope limodzi loti akawaonetse amfumu.

Botolo lake la madzi linali litatha, choncho adaimitsa wakabaza pa mjigo wa nambala 17. Ankaudziwa bwino. Pa tebulo lachitatu la pepala lake, uwu unali m'gulu la mijigo ya madzi okoma: mchere wake unali 480 mg/L, kutanthauza mamiligalamu 480 pa lita imodzi ya madzi. Adapopa, natapa m'manja, namwa. Adalavula.

"Mwanawe, ameneyo sitimwa," adatero agogo ena amene ankatsuka mphika pambali. "Ngakhale sopo satulutsa thovu. Nyemba ukaphikira ameneyo, umangomaliza nkhuni."

"Adayamba liti kuwawa, agogo? Madzi osefukira a Freddy aja atadutsa?"

"Freddy wa dzana lomweli? Chiukumbireni mjigowu ndi wotere. Akumwa timakatunga kuseri kwa sukulu."

Usiku, m'chipinda cha nyumba yogona alendo, fani ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo, Tadala adatulutsa kabuku kake ka kumunda, kaja ka zikuto zothimbirira ndi thukuta. Pa nambala 17 dzanja lake lomwe lidalemba 3,150. Madzi akangopitirira 1,000 mg/L amayamba kukanika kukhosi. Adatsegula laputopu. Nambala ya 480 inali ya mjigo wa kuseri kwa sukulu. Adayang'ana wa 18, wa 19, wa 30. Zonse zinali pamalo pa eni ake ena.

Kenaka adakumbukira usiku wina akuthamangira tsiku lomaliza lotumizira pepala. Mu Excel, pa gawo la mijigo ya ku Ngabu, adasankha mzere umodzi wokha wa mchere, nadina `Sort`, osaphatikiza mzere wa mayina. Manambala adasuntha, mijigo idatsala pomwepo. Mijigo 22 ya dera la Ngabu idavala malaya a anzake.

Adaimbira Pulofesa, amene dzina lawo linali lachiwiri pa pepalalo.

"Avereji yasintha?" adafunsa iwo atamvetsera.

"Ayi, bwana. Manambala ndi omwewo, angosinthana malo."

"Ndiye vuto lili pati? Mayi, pepala lija adaliwerenga akatswiri atatu, palibe adaona kanthu. Mwezi wamawa komiti yokweza anthu pantchito ikukumana, ndipo fomu yanu ndasaina kale. Musadziotche ndi moto wozima."

"Mapu ndi olakwika, bwana. Ndipo zija tidanena zoti mchere umachepa tikamayandikira Shire, sindikudziwa ngati zikadali zoona."

Kudakhala chete, kumangomveka wailesi kunyumba kwawo ku Blantyre.

"Gonani kaye," adatero. "M'mawa mutu umakhala wina."

Tulo sitidabwere. Udzudzu unkalira kunja kwa neti. Chimene chinkamuzungulira m'mutu si komiti ayi, koma imelo ya mnyamata wa bungwe lina lokumba mijigo, amene miyezi itatu yapitayo adamuthokoza kuti mapu ake awathandiza kusankha malo. Mjigo umodzi ndi ndalama zankhaninkhani, ndipo bungwe likachoka pamudzi silibwerera msanga. Amayi adzaupopa sabata imodzi, kenaka adzabwerera kukafukula mchenga mumtsinje.

Itakwana 4 koloko adayamba kulembera mkonzi wa magazini. Poyamba adalemba kuti "zikuoneka kuti pena padasokonekera." Adafufuta. Adalemba kuti tebulo lachitatu ndi mapu achiwiri ndi olakwika pa mijigo 22, kuti adalakwitsa ndi iye mwini posanja manambala, ndipo akupempha kuti pepalalo likonzedwe, kapena lichotsedwe ngati mkonzi aona kuti mfundo yake yaikulu yagwa. Adajambula masamba onse a kabuku kaja ndi foni, nawaphatikiza. Dzina la Pulofesa adaliika pa `Cc`.

Netiweki ya m'chipindamo inali yofooka. Adatuluka panja, naima pansi pa mtengo wa nimu atakweza laputopu m'mwamba ngati wonyamula lichero, mpaka imelo idapita.

Pulofesa adayankha 6 koloko ndi mawu ochepa: "Ndaona. Mukabwera tidzawerengerenso limodzi. Za komiti sindikulonjeza."

Mnyamata wa bungwe uja adayankha foni itangoitana kamodzi.

"Achimwene, mwayamba kale kukumba ku Ngabu?"

"Galimoto inyamuka Lolemba, madamu. Bwanji?"

"Muli ndi cholembera pafupi? Ndikuwerengerani manambala ena. Tiyambe ndi 17."