Yankho kwa Mphunzitsi Wamkulu pa Nkhani ya Madesiki

Achimwene,

Ndawerenga yankho lomwe mwalemba. Musalitumize. Tiyambe tawerenganso uthenga wa mayi mphunzitsi wamkulu womwe unafika Lachiwiri madzulo:

"Madesiki 60 amene munabweretsa pa 12 Seputembala atichititsa manyazi. Mwezi umodzi wokha, matabwa apindika, ena atsegula mipata moti cholembera chikugweramo, mipando itatu yathyoka, ndipo bawuti yang'amba yunifomu ya mwana. Komiti ya sukulu ikundifunsa ngati ndinadyapo kanthu. Ndalama yotsala sitilipira."

Inu munalemba kuti: "Mayi, madesiki munawalandira nokha ndipo munasayina kuti ali bwino. Ana anu ndi amene amakwerapo. Matabwa onse amapindika kukatentha, si vuto lathu. Takhala tikupangira sukulu zambiri popanda dandaulo. Malipiro otsala ndi a pangano, tikuwayembekezera sabata ino."

Zoti anasayina n'zoona, koma thabwa laliwisi silioneka pa tsiku lolandira, ndipo ife tikudziwa zimenezo kuposa iwo. Za ana okwera pamadesiki sitinazione ndi maso, choncho zichoke. Mawu akuti "matabwa onse amapindika" ndi amene andivuta kwambiri, chifukwa ndayang'ana m'buku la katundu: madesiki 25 omaliza tinawapanga ndi paini wogulidwa ulendo wachiwiri, amene anangokhala masabata awiri m'shedi tisanamupale. Za sukulu zina siziwathandiza mayiwa pamaso pa komiti yawo. Ndalama tiitchule, koma kumapeto, ndipo ife tiyambe kunena kuti idikire. Onaninso kuti pa zonse adalemba, chowapweteka ndi chiganizo cha komiti chija, ndipo inu simunachiyankhe n'komwe.

Tumizani kalata ili pansipa lero isanakwane 12 koloko, ndipo muwaimbirenso foni kuwauza kuti yafika.

Lachinayi, 16 Okotobala

Okondedwa Mayi Mphunzitsi Wamkulu,

Talandira uthenga wanu wa Lachiwiri, ndipo zikomo potiuza msanga komanso mosabisa. Pepani kuti tayankha lero. Dzulo shopu inali yotseka pa Tsiku la Anakubala.

Tamva kuti mwa madesiki 60 amene tinabweretsa pa 12 Seputembala, ena apindika matabwa ndi kutsegula mipata, mipando itatu yathyoka, ndipo bawuti yang'amba yunifomu ya mwana. Desiki ya mwezi umodzi siyenera kutero. Tikupepesa kwa inu, kwa mwanayo ndi makolo ake. Tikupepesanso kuti ntchito yathu yachititsa kuti komiti ikukayikireni inu, pomwe cholakwa chili m'manja mwathu.

Tafufuza m'mabuku athu ndipo izi ndi zomwe tapeza pakadali pano.

Matabwa tinagula m'magulu awiri. Gulu loyamba linali louma bwino ndipo linapanga madesiki 35. Gulu lachiwiri, la madesiki 25, tinaligwiritsa ntchito lisanaume mokwanira pofuna kuti katundu afike teremu isanayambe. Thabwa la paini likamauma limachepa m'lifupi, ndipo mbali imene ikuuma msanga imakoka inzake. N'chifukwa chake mukuona mipata pomwe matabwa awiri analumikizana, ndi m'mbali mopindikira m'mwamba ngati mbale. Kutentha kwa Okotobala kwangofulumizitsa zomwe zikanachitikabe. Tikadayenera kukuuzani nthawi imeneyo kuti 25 omalizawo achedwa ndi masabata angapo, inu n'kusankha nokha.

Za mipando yothyoka, tikuganiza kuti polumikiza zitsulo anangowotcherera modontheza m'malo mozunguliza mbali zonse zinayi za paipi. Izi titsimikiza tikaona ndi maso. Za mabawuti, pa madesiki ena tinamanga a mamilimita 75 pomwe oyenera ndi a 60, ndiye nsonga yotsala pansi pa thabwa ndi imene ikukola zovala ndi mawondo.

Chonde, kuyambira lero, desiki iliyonse yomwe mpando wake ukugwedera kapena bawuti yake yatulukira ichotsedwe m'kalasi. Mwana angavulale tisanafike.

Loweruka pa 18 Okotobala, 8 koloko m'mawa, ndibwera ndekha pamodzi ndi kalipentala mmodzi ndi wowotcherera mmodzi. Tasankha Loweruka kuti tisasokoneze maphunziro. Tiyang'ana madesiki onse 60, osati okhawo amene aonetsa vuto. Iliyonse tiilemba nambala pansi ndi penti, tiyeza chinyezi cha thabwa ndi kachipangizo koyezera, tigwedeza mpando, ndi kupapasa bawuti iliyonse. Tsiku lomwelo tisintha mabawuti onse aatali ndi kuwotchereranso zitsulo zofooka, n'kupakanso penti pomwe tawotcha kuti pasachite dzimbiri mvula ikayamba. Jenereta tibwera nayo, simuyenera kudera nkhawa za magetsi. Tingakonde kuti wapampando wa komiti kapena womuyimira akhalepo, aone yekha ndi kutifunsa mafunso ife mwachindunji.

Lolemba pa 20 Okotobala mulandira kalata yosonyeza desiki iliyonse ndi nambala yake, vuto lomwe tapeza, ndi chomwe tachita kapena tichite. Kalatayo tiilemba moti mungathe kuiwerenga pamsonkhano wa komiti, ndipo inena poyera kuti vuto linachokera kwa ife.

Matabwa a madesiki 25 a gulu lachiwiri tiwasintha onse, ngakhale amene akuoneka abwino lero, chifukwa akadaumabe. Kuwapala kapena kutseka mipata ndi guluu ndi utuchi sikungathandize. Pakatha mwezi mipata ibwereranso. Matabwa atsopano sitiwadula mpaka chinyezi chake chitsike pansi pa 15 pa 100 aliwonse, ndipo tidzayeza inu mukuona. Kuti ana asakhale pansi, sitinyamula madesiki. Tidzakonzeratu matabwa kushopu, kuwapala ndi kuwapaka vanishi kawiri, kenako kudzangomanga kusukulu: madesiki 13 Loweruka pa 1 Novembala, ndipo 12 otsala Loweruka pa 8 Novembala. Ngati matabwa ouma angavute kupezeka pofika Lachisanu pa 24 Okotobala, ndidzakuimbirani tsiku lomwelo ndi kukuuzani tsiku lina lenileni.

Zonsezi, kuphatikiza mayendedwe, tilipira ndife. Yunifomu ya mwana tigula ina. Tiuzeni msinkhu wake, kapena mtengo ngati makolo angakonde kugula okha.

Malipiro otsala adikire mpaka ntchito yonse itatha ndipo inu ndi komiti mwayang'ana madesiki ndi kukhutira. Kuchokera tsiku limenelo, thabwa likapindika kapena chitsulo chikathyoka polumikiza m'miyezi 12, tidzakonza kwaulere.

Pali zinthu ziwiri zomwe tikupempha. Choyamba, mutitsimikizire pofika mawa madzulo ngati Loweruka kudzakhala wotitsegulira makalasi. Chachiwiri, ngati n'kotheka, titumizireni zithunzi za mipando itatu yothyokayo, zojambulidwa pafupi pomwe chitsulo chalekana, kuti tidziwe ngati tinyamule mapaipi atsopano.

Nkhaniyi ndikuyendetsa ndine mpaka itatha. Chilichonse chikatuluka tisanafike, imbani nambala ya shopu yomwe ili pa lisiti lanu ndipo mufunse za ine.

Ine wanu,
Woyang'anira ntchito, shopu ya ukalipentala