Za pabuliki kiyi zija wakhoza, kupatula sitepu yachitatu

Aise, ndawerenga zonse unanditumizira usiku zija za enikiripushoni ya pabuliki kiyi, njira yobisira meseji ija, ndipo usadandaule, wazimvetsa bhobho. Poyambira paja pamene ukuti munthu aliyense amakhala ndi makiyi awiri opangidwa limodzi, pabuliki kiyi amene angampatse aliyense ndi pulaiveti kiyi amene amasunga yekha, mpomwepo. Zoti chimene chatsekedwa ndi kiyi mmodzi chimatsegulidwa ndi mnzakeyo basi nazonso zili bwino. Ngakhale kambiri kaja wakhoza, Diffie ndi Hellman 1976, kenako RSA ya Rivest, Shamir ndi Adleman 1977, usasinthepo kanthu.

Pasitepu yachitatu ndi pamene zapindika. Iwe walemba kuti wotumiza amatseka meseji ndi pulaiveti kiyi wake, ndiye wolandira amatsegula ndi pabuliki kiyi wa wotumizayo. Tangoganiza kaye, pabuliki kiyi wakoyo ali ndi ndani? Ali ndi aliyense amene wamufuna, ndiye kuti aliyense amene wagwira mesejiyo panjira atsegula nkuwerenga, chinsinsi palibe. Zoona zake nzakuti wotumiza amatseka ndi pabuliki kiyi wa WOLANDIRA, ndipo wolandirayo amatsegula ndi pulaiveti kiyi wake. Makiyi onse awiri amene akugwira ntchito apa ndi a munthu mmodzi, wolandira, makiyi a wotumiza sakulowapo nkomwe.

Tiyerekeze iwe uli kwanu ku Namwera ine ndili pa boma pano, ndakutumizira loko wotsegula koma kiyi wake ndatsala naye mthumba. Iwe waika kalata mkabokosi, wadina loko uja kuti tswa, wapatsa kondakitala wa minibasi. Kondakitalayo kaya ali ndi chidwi chotani sangatsegule, ndipo chimene ambiri amaiwala nchakuti ngakhale iwe amene watsekawe sungatsegulenso. Loko uja ndiye pabuliki kiyi wanga, ndingagawe maloko otero kwa kalasi yonse osaopa kanthu.

Yesa RSA ndi manambala ang'onoang'ono uone wekha, pepala ndi bolopeni zikukwana. Apa n ndi p kuchulukitsa ndi q, m ndi meseji, c ndi meseji yotsekedwa, ndipo mod 33 ndi zotsala ukagawa ndi 33:

```
p = 3, q = 11, n = 33
(p-1)(q-1) = 20
e = 3, d = 7
m = 4
c = 4^3 mod 33 = 31
31^7 mod 33 = 4
```

Apa pabuliki kiyi wanga ndi 3 ndi 33, pulaiveti ndi 7, ndipo 7 sanangotoledwa ayi, ndi chifukwa choti 3 kuchulukitsa ndi 7 ndi 21, ukagawa ndi 20 patsala 1. Iwe ukufuna kunditumizira 4, ndiye ugwiritsa ntchito 3 wanga uja, panjira payenda 31, ine ndi 7 wanga ndabwezeretsa 4. Tsopano ukatembenuza mmene unalembera muja, kuyamba ndi 7, aliyense amene akudziwa 3 ndi 33 abwezeretsa 4 mosavutika. Pa 33 pokhapa mwana wa pulayimale angakuuze kuti ndi 3 kuchulukitsa ndi 11, ndipo wodziwa p ndi q apeza 7 uja mosavuta, nchifukwa chake pa RSA yeniyeni n amakhala wa mabiti 2048 kapena kuposa, kuti kupeza p ndi q kukhale kosatheka ndi makompyuta alipo panowa.

Ndikuona komwe zachokera koma, chifukwa zimene walembazo zimachitikadi kungoti ndi nkhani ina, ya siginecha. Ukafuna kuti ndikhulupirire kuti meseji yachokeradi kwa iwe komanso palibe wasinthapo mawu, umapanga hashi ya mesejiyo, kachidindo kakafupi kowerengetsedwa kuchokera mmawu ake, nkuisaina ndi pulaiveti kiyi wako, ine ndimatsimikiza ndi pabuliki kiyi wako. Apo cholinga sikubisa, meseji ikhoza kukhala poyera aliyense nkumawerenga. Manotsi ambiri amaziika tsamba limodzi ziwirizi ndiye zimalowana mmutu. Ine funso limene ndimadzifunsa ndi loti, ndikufuna kubisa kapena kusaina? Ngati nkubisa ndigwira makiyi a wolandira, ngati nkusaina ndi a wotumiza.

Kena kamene ungaonjezere ngati malo alipo, ngakhale sikolakwika kukasiya, nkakuti RSA ndiyochedwa ndipo siyinyamula meseji yaitali, ndiye kawirikawiri fayilo yeniyeniyo imatsekedwa ndi AES, njira yachangu imene kiyi wotsekera ndi wotsegulira ndi mmodzi yemweyo, pabuliki kiyi amangotseka kakiyi ka AES kaja. Mzere umodzi ukukwana.

Konza sitepu yachitatuyo ndi muvi wa pachithunzi chako chija, pomwe walemba pulaiveti kiyi wa wotumiza paikepo pabuliki kiyi wa wolandira, kunsi kwakenso pomwe walemba pabuliki kiyi wa wotumiza paikepo pulaiveti kiyi wa wolandira. Ukamaliza unditumizirenso ndione usanapereke Lachisanu, foni ndasiya pa chaja magetsi angoyaka kumene.