Mphere ndi matenda a nyumba yonse: phunziro la pasikelo ya ana

Amayi, ndi abambo amene mwaperekeza ana lero, takulandirani. Tisanayambe kukweza ana pasikelo ndikupempha mundibwereke makutu pang'ono, chifukwa pali nkhani imene yandisowetsa mtendere mwezi uno. Ana ambiri amene ndawagwira manja ali ndi tiziphuphu pakati pa zala, ena afika pochita zilonda za mafinya. Ndi mphere. Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti ena mwa ana amenewa tinawapatsa kale mankhwala, anachira, koma abweranso ali chikandekande.

Mankhwala aja sanalephere ayi. Mwana anachira, kenako anabwerera kukagona pamphasa imodzi ndi abale ake amene sanadzole chilichonse.

Mphere amayamba ndi kachilombo kakang'ono kwambiri, kosakwana ngakhale theka la milimita, moti ndi maso simungakaone bwino. Sikauluka, sikalumpha ngati utitiri. Kamangokwawa. Kachilombo kakakazi kakafika pakhungu kamaboola n'kukumba kanjira m'kati mwa khungu lapamwamba, ndipo mmene kakuyenda kamaikira mazira 2 kapena 3 patsiku. Mazirawo amaswa pakatha masiku 3 kapena 4, ndipo pakatha pafupifupi masabata 2 tiana tija timakhala titakhwima, nato n'kuyamba kuswana. Kuyabwa kumene kumamulanda mwana tulo usiku n'chifukwa choti thupi likulimbana ndi kachilomboko, mazira ake ndi zonyansa zimene kamasiya m'khungumo.

Tsono tamverani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu amene watenga mphere koyamba samva kuyabwa tsiku lomwelo. Pamatha masabata 4 mpaka 6 thupi lisanayambe kudandaula. Masabata onsewo khungu lake limaoneka losalala, iye akugona bwinobwino, koma tizilombo tili m'kati, tikuikira mazira, ndipo akhoza kupatsira wina. Ndiye tsiku limene mwaona mwana mmodzi akukanda, dziwani kuti mphere analowa m'nyumbamo mwina mwezi wapitawo. Pamwezi umenewo mwanayo wagona ndi ndani? Wamubereka ndani? Wakhala pamiyendo pa ndani?

Taganizirani nyumba ya anthu 7, ngati nyumba zambiri zathu kuno. Mnyamata wa sitandade 5 wapita kukacheza kwa amalume ake patchuthi, wagona ndi asuweni ake bulangete limodzi, wabwera nato tizilombo. Kunyumba amagona ndi mng'ono wake. Mng'onoyo masana amakangamira mlongo wake wamkulu. Mlongoyo ndiye mlezi wa khanda amayi akapita kudimba, amaliberekera kumbuyo tsiku lonse. Khandalo usiku limayamwa, limagona m'fungatiro mwa amayi, ndipo amayi amagona ndi bambo. Agogo nawo madzulo amasenza zidzukulu pamiyendo. Palibe amene walakwa apa. Njira zimene mphere amadutsamo ndi zomwezo zimene timasonyezerana chikondi: kubereka, kuyamwitsa, kufungatira, kugona pamodzi. Tizilomboti timafuna khungu likhudzane ndi khungu kwa kanthawi ndithu. Kupatsana moni wa padzanja kamodzi nthawi zambiri sikukwanira, koma kugona limodzi usiku wonse n'kokwanira ndithu. Zovala, zitenje ndi zofunda nazo zimatha kunyamula, ngakhale kuti njira yaikulu ndi khungu lenilenilo.

M'nyengo yozizira ino, pamene ana amaunjikana m'bulangete limodzi, mpamene zimafala msanga.

Tsono amayi abwera kuchipatala ndi mnyamata uja yekha, popeza ndiye akukanda. Wadzola mankhwala, tizilombo take tafa. Koma mankhwala a mphere si katemera. Amapha zimene zili pathupi tsiku limenelo, sateteza zimene zibwere mawa. Usiku wagonanso ndi mng'ono wake amene ali ndi tizilombo koma sanayambe kukanda, ndipo tabwereranso. Ulendo wachiwiri uno thupi limakhala litatidziwa kale, choncho kuyabwa kumayamba patangotha tsiku limodzi mpaka masiku 4. Amayi aja n'kunena kuti mankhwala a kuchipatala ndi osagwira, kapena kuti mwanayu ali ndi magazi oipa, kapena wina wamuchita chipongwe. Sabata yotsatira abwera ndi mng'ono uja, ndipo iye akuchira, mkulu wake akumubwezera. Banja likhoza kuzungulira chonchi chaka chathunthu.

Inu nonse mumadziwa za anankafumbwe. Ngati matumba 10 a chimanga asanjikizana m'chipinda chimodzi, ndani angathire mankhwala thumba limodzi lokha limene latuluka ufa, enawo n'kuwasiya chifukwa akuoneka abwino kunja? Timathira onse, tsiku limodzi. Ndi mphere chimodzimodzi: aliyense wogona m'nyumbamo adzole, wokanda ndi wosakanda yemwe, ndipo adzole tsiku limodzi. Osati ana lero, amayi Loweruka, bambo akadzapeza mpata. Masiku apakatiwo ndi amene tizilombo timasamukira kwa amene wachira kale.

Ndilankhulepo za abambo, ndipo amene mwabwera mukawauze anzanu mwaulemu. Kawirikawiri nyumba imalephera kuchira chifukwa cha munthu mmodzi amene wati, “Ine sindikumva kalikonse, amenewo ndi matenda a ana.” Bambo, mungakhale simukumva kanthu, mwina muli m'masabata aja amene thupi silinayambe kulankhula. Kudzola kwanu ndi kumene kutetezere khanda lanu. Musaiwalenso agogo, mwana wantchito, mlendo amene wakhala nanu masabata angapo, ndi anyamata ogona kugowelo pamodzi ndi anzawo a nyumba zina. Ngati mwana wanu amagona kwa anansi, kambiranani ndi anansiwo kuti nyumba zonse ziwiri zidzole limodzi. Mphere amapatsirananso pakati pa anthu ogonana, ndiye amene ali ndi mabanja awiri akumbukire kuti nyumba zonse ziwiri zikufunika mankhwala.

Mphere mumawazindikira ndi kuyabwa kokula usiku, ndi tiziphuphu pakati pa zala, polumikizira dzanja ndi mkono, pachigongono, m'khwapa, pamchombo, m'chiuno, m'matako, kumaliseche, ndi kumabere kwa amayi. Kwa makanda amafika ngakhale m'mutu, kumaso, m'zikhatho ndi kuphazi. Mukaona anthu awiri kapena atatu m'nyumba imodzi akukanda usiku, musadikire.

Mankhwala amene timapereka kawirikawiri ndi odzola aja oyera ngati mkaka, benzilo benzoeti. Nthawi zina pamapezeka odzola ena otchedwa pemefirini, kapena mapiritsi a ivamekitini, omwe aja amagawidwa m'maboma ngati Thyolo ndi Mulanje polimbana ndi matenda a khungu ndi maso ofalitsidwa ndi ntchentche zakuda za m'mitsinje. Mapiritsiwa amaperekedwa poyeza kulemera kwa munthu, ndipo sitipatsa amayi oyembekezera kapena mwana wosakwana makilogalamu 15. N'chifukwa chake timafuna kudziwa za aliyense m'nyumbamo: woyembekezera, woyamwitsa, khanda. Benzilo benzoeti amatentha pakhungu, choncho wa ana timamusungunula ndi madzi malinga ndi msinkhu wawo. Musamusungunule mongoganizira, tikuuzani muyeso ndi maola oti akhale pathupi.

Kadzoledwe ndi kamene ambiri timaphonya. Timangopaka pamene pali ziphuphu, chonsecho tizilombo tili ndi malo ena amene sakuonekera. Sambani madzulo, pukutani thupi liume, wengani zikhadabo, kenako dzolani thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kuzala za kumapazi, osasiya pakati pa zala, pansi pa zikhadabo, m'khwapa, pamchombo, m'mphechepeche ndi pakati pa matako. Kumsana akudzozeni wina. Mankhwala asalowe m'maso kapena m'kamwa. Mukasamba m'manja nthawi isanakwane, dzolaninso manjawo. Woyamwitsa atsuke bere asanayamwitse, akatha adzolenso. Ndipo tikati mubwereze tsiku lakuti, bwerezani nonse, chifukwa mazira ena amapulumuka ulendo woyamba n'kudzaswa pambuyo.

Za zovala musade nkhawa kwambiri, palibe chotentha kapena chotaya. Kachilombo aka kakachoka pathupi la munthu sikakhalitsa, kamafa pakatha masiku 2 kapena 3. M'mawa wa tsiku lotsatira kudzola, chapani zofunda, zitenje ndi zovala zimene mwavala masiku atatu apitawo m'madzi otentha kwambiri, muyanike padzuwa, ndipo ngati muli ndi simbi musite. Zimene simungachape, monga bulangete lolemera, mangani m'thumba la pulasitiki kwa sabata imodzi. Mphasa muitulutse padzuwa. Ndikudziwa sopo wakwera mtengo ndipo nkhuni zikuvuta, ndiye ngati simungathe kuwiritsa madzi ambiri, thumba lija likugwirirani ntchito popanda kuwononga ndalama.

Mukatha zonsezi kuyabwa kukhoza kupitirira masabata 2 mpaka 4 ngakhale tizilombo titafa. Si chizindikiro choti mankhwala alephera, ndipo musamangowonjezera kudzola chifukwa khungu lipsa. Bwerani ngati kwatuluka ziphuphu zatsopano kapena mwezi watha osasintha. Chonde, chonde, musapake mwana oili wagalimoto, palafini kapena mankhwala opopera m'munda. Amenewo amawotcha khungu, ndipo a m'munda aja ndi poizoni wolowa m'thupi kudzera pakhungu pomwepo.

Mwina wina akuti, si kungoyabwa chabe kodi? Ayi. Mwana akamakanda amang'amba khungu, ndipo m'zilondamo mumalowa tizilombo tina toyambitsa mafinya. Kwa ana ena zimenezi zimafika powononga impso. Mwana wa zilonda akatupa kumaso kapena miyendo, mkodzo ukada ngati tiyi, kapena thupi likatentha, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Palinso mtundu wina wa mphere wogwira anthu amene chitetezo chawo chatsika, monga okalamba kwambiri kapena amene ali ndi kachilombo ka Edzi koma sakumwa mankhwala. Khungu limachita nkhanambo zokhuthala, nthawi zina osayabwa kwenikweni. Munthu wamba wa mphere amakhala ndi tizilombo 10 kapena 15 thupi lonse, koma uyu amakhala nato masauzande, moti ngakhale zofunda zake zimapatsira msanga. Ngati muli naye kunyumba musamubise kapena kumusala, mubweretseni aonedwe ndi adokotala.

Manyazi achoke. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati nthawi iliyonse anthu oposa 200 miliyoni amakhala ndi mphere, ndipo mu 2017 linawaika m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha. Amagwira ngakhale munthu wosamba kawiri patsiku, chifukwa sopo safika m'kanjira kamene kachilombo kabisala. Mayi amene mwana wake ali ndi mphere si mayi wauve, ndipo amene amabisa chifukwa choopa kusekedwa ndi amene mudzi umachedwa naye kuchira.

Ndiye lero tichita chonchi. Pokweza mwana pasikelo ndiziona manja ake ndi pamimba. Ndikapeza mphere ndikufunsani anthu onse ogona m'nyumba mwanu, mayina ndi zaka zawo, ndipo musasiyeko ngakhale mmodzi, kuti mankhwala tipereke okwanira nyumba yonse. Mukafika kwanu mugwirizane usiku umodzi umene nonse mudzakhalepo. Lachinayi ndiyenda m'mudzi pamodzi ndi a komiti ya zaumoyo, ndipo kumene bambo kapena agogo akukayika ndikalankhula nawo ndekha. Amene ali ndi mafunso afunse pano, kenako tiyambe ndi amayi a makanda.