Madzi a ku Malombe

Imurani anabwera kunyanja dzuwa litapendeka, kabudula akudontha madzi. Anapeza agogo ake, Abiti Saidi, atakhala pamkeka kuseri kwa khitchini akusenda mbatata. Pambali panali mtondo wa nsinjiro ndi dzungu logawa pakati. Linali tsiku la 9 la mwezi wa Ramadhani, ndipo chidyere daku, chakudya cha osala, cha m'ma 3 koloko usiku, agogowo anali asanalawe kanthu. Milomo yawo inali itauma mbuu.

Mnyamatayo anakhala pamwala n'kumatokosa pansi ndi kamtengo.

"Amuna anga abwera opanda ndi kambuzi komwe," anatero agogo osamuyang'ana. "Ukwati uno utha."

Imurani sanaseke.

"Agogo, kodi anthu amasaliranji kudya?"

"Wamva njala?"

"Ayi. Ndangofunsa."

Chaka chimenecho anali atakwanitsa zaka 10, ndipo anachita kupempha yekha kuti ayambe kufunga ngati akuluakulu. Agogo anamuloleza kufika pa swala ya masana basi, koma iye anakana, ati zimenezo n'za makanda.

"Ku madrasa sanakuuzeni?"

"Amwalimu anati zinalembedwa mu Surat Baqara, ndime 183, kuti kusala kwalamulidwa kwa ife monga kunalamulidwira kwa amene analipo kale. Ndinaloweza. Koma mwezi watha ufa utatha tinagona ndi njala masiku awiri. Kumene kuja sikunali kusala? Bwanji Mulungu osangowerengera komweko?"

Agogo anaika mpeni m'lichero. Anamuyang'ana kanthawi, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Mutu uwu ndi wa malemu agogo ako aamuna. Tamvera. Mu 2002, iwe usanabadwe, bambo ako akadali kamnyamata, kuno kunagwa njala. Tinadya madeya, tinakumba mizu ya nthochi n'kusinja. Anthu ankapita ku ADMARC usiku kukagona pamzere, n'kubwerako ndi thumba lopanda kanthu. Njala ija sinandiphunzitse chabwino chilichonse. Inandiphunzitsa kubisa. Ndinkaphika usiku chitseko chotseka kuti aneba asaone utsi. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi."

Anatola mbatata ina n'kuiika m'manja mwa mdzukulu wawo.

"Iyi ndi yako. Ili m'manja mwako, palibe akukulanda. Njala ndi pamene mbatata kulibe. Kusala ndi pamene ilipo, mimba ikuti idya, iwe n'kuiuza kuti dikira. Mimba ndi mfumu yovuta, mwana iwe. Ukailekerera imalamula ndi pakamwa pomwe, ndi manja omwe. Nchifukwa chake wofunga satukwana, sanama, sachita ndewu. Wina akamuputa amangoti, ine ndafunga. Amene wasiya nsima koma miseche osasiya, wangodzizunza chabe."

"Mnzanga Petulo akuti kwawonso akusala."

"Inde, ali mu Lenti, masiku 40. Sunaone agogo ako aang'ono tsiku lija atapaka phulusa pachipumi?"

Agogo aang'onowo anali aMaliya, mng'ono wawo wa Abiti Saidi bere limodzi, amene anakwatiwa ndi Mkatolika n'kulowa mpingo. Ankakhala kutsidya kwa msewu wa ku Liwonde. Zoti wina amapita kumzikiti Lachisanu wina kutchalitchi Lamulungu, awiriwa anasiya kalekale kukangana nazo. Chimene ankakanganabe chinali malire a dimba.

"Iwo amati Yesu anakhala m'chipululu masiku 40 osadya. Lachisanu nyama sadya. Ife timamwa madzi usiku wokha, iwo amamwa ndi masana omwe. Njira n'zosiyana. Ngakhale amayi anga ankasimba kuti kale mvula ikakana, akuluakulu ankapita pansi pa mtengo wa msolo ndi ufa kukapempha, ndipo masiku amenewo ankadziletsa zambiri. Munthu akafuna kupempha chinthu chachikulu sapita akutafuna."

Kunyanja kunkamveka asodzi akukoka bwato. Nkhuku inabwera kudzajompha makoko, agogo anaiingitsa ndi chitenje.

"Nanga kupemphera? Amwalimu amati Mulungu amadziwa zonse. Ndiye timamuuziranji kasanu patsiku zinthu zimene akuzidziwa kale?"

"Bambo ako ali ku Joni. Ndimadziwa kuti ali moyo, ndalama amatumiza. Nanga bwanji Lamulungu lililonse ndimakhala pafupi ndi foni ya amalume ako?"

"Mumafuna mumve mawu awo."

"Amandiuza chachilendo? Kuzizira, ntchito, lendi. Zomwezomwezo. Koma atasiya kuimba miyezi itatu, ngakhale ndalama zizibwera, ndidzadziwa kuti mwana uja watayika. Swala ndi choncho. Si kuti Mwini wake waiwala, oiwala ndife."

"Koma chaka chatha munapempherera mvula, chimanga chinapsabe."

Apa agogo anakhala chete. Anathira nsinjiro mumphika, n'kusonkhezera moto.

"Chinapsa," anavomera. "Ndinapemphereranso mwana wanga woyamba kuchipatala ku boma, usiku wonse, ndipo m'mawa tinamunyamula. Zimenezo yankho lake ndilibe. Chimene ndikudziwa ine ndi chakuti nditabwerako kumanda, chimene chinkandidzutsa pamphasa m'bandakucha chinali azana, kuitana kwa kumzikiti. Ndinkadzuka, kutawaza, kuima. Ndikaima, ndiye ndinkakoleza ndi moto womwe."

Imurani anaitembenuza mbatata ija m'manja. Kenaka analankhula motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Agogo, ine ndamwa madzi."

"Liti?"

"Posambira. Ndinamira dala, n'kumeza katatu. Anzanga sanaone."

"Unaiwala kuti wafunga, kapena unachita kufuna?"

"Ndinachita kufuna."

"Ukanakhala kuti unaiwala, swaumu ikanapitirira, amati wakumwetsa ndi Mulungu. Koma apa yaduka." Anavundula mumphika. "Nanga poti palibe anakuona, wandiuziranji?"

Mnyamatayo anakanda kumutu. "Zimangondivuta mumtima."

"Ehe. Swala anthu amakuona ukupita kumzikiti. Chopereka amaona. Koma pansi pa madzi a Malombe shehe safikapo. Kusala mboni yake ndi mmodzi yekha, ndipo iwe wam'mva wekha lero, ine osakuuza."

"Ndiye ndachimwa kwambiri?"

"Iwe ukadali mwana, sunalamulidwe. Odwala, apaulendo, amayi oyamwitsa, onsewo amaloledwa kumasula n'kudzabweza. Nkhalamba yolephereratu imadyetsa wosauka m'malo mwake. Mulungu safuna mtembo. Mawa uyesenso, ndipo ukaona kuti pakhosi pauma, usapite kosambira. Madzi a m'nyanja osawiritsawo adzakutsegula m'mimba, likodzo lilinso momwemo."

Futali itapsa, agogo anapakula mbale zitatu. Ina anaivundikira ndi mbale inzake n'kuimanga pakansalu.

"Kapereke kwa agogo ako aMaliya. Lero Lachisanu, nyama sadya, izi adya. Uwauze kuti mbuzi yawo yalowanso m'dimba mwanga. Uthamange, dzuwa latsala pang'ono."

Anathamangadi. Pobwerera anapeza mkeka atayala pabwalo, amalume ake atakhala kale, phala la mpunga likufuka nthunzi. Kumadzulo, kuseri kwa mapiri, kunali kutafiira. Agogo anamupatsa kapu ya madzi a pamjigo.

"Iwe ukhoza kumwa, swaumu yako inathera kunyanja."

Imurani anaigwira kapuyo ndi manja awiri, n'kuiika pabondo. Anatchera khutu kumzikiti. Udzudzu unamutera pamwendo, anangousiya.

"Amalume," ananong'ona, "kodi amuazini aja wotchi yawo ikuyenda?"