Bimu B3 isadulidwe kapena kubooledwa chifukwa cha paipi ya chimbudzi

Kwa: Kontirakitala wamkulu, nyumba yosanja ya ku Mabvuku, Harare
Kuchokera kwa: Injiniya wa pamalo a ntchito
Alandirenso: Kapitawo ndi pulambala

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndikulemba potsatira zomwe tinakambirana pa foni Lachiwiri madzulo, kuti yankho langa likhale lolembedwa. Pempho loti bimu B3 ibooledwe kuti padutse paipi ya chimbudzi ya mamilimita 110 ndalikana. Chizindikiro cha choko chomwe pulambala wajambula pa bimuyo, pafupi ndi pilala C4, chifufutidwe lero, ndipo galainda, makina oboolera kapena nyundo zisakhudze bimuyo.

Ndapima malo omwe ajambulawo. Ndi bowo la mamilimita 150, lili mamilimita 400 kuchokera pa pilala, ndipo m'munsi mwake muli mamilimita 40 okha kuchokera pansi pa bimu. Ndikumvetsa chomwe asankhira pamenepo: ndi pomwe paipi ikufikira akaipatsa kutsetsereka kwake kuchokera ku chimbudzi cha pamwamba. Iwo awerengera bwino za madzi, koma sanaone zomwe zili m'kati mwa konkire.

Bimu B3 ndi ya mamilimita 230 m'lifupi ndi 450 kuya kwake, kuphatikizapo silabu ya 150, choncho gawo lomwe likuoneka m'munsi mwa silabu ndi la 300. Kutalika kwake pakati pa mapilala C3 ndi C4 ndi mamita 4.5. M'munsi muli zitsulo zitatu za Y20, pamwamba ziwiri za Y12, ndipo maringi a R8 ali pa 150 iliyonse pafupi ndi mapilala, pa 200 chapakati. Konkire yophimba zitsulo ndi ya mamilimita 25. Mukawonjezera 8 wa ringi, mupeza kuti zitsulo za Y20 zagona pakati pa mamilimita 33 ndi 53 kuchokera pansi. Bowo loyambira pa 40 n'kudutsa m'lifupi monse lidya zitsulo zonse zitatu, chilichonse kuposa theka.

Bimuyi yasenza silabu ya mamita 3 m'lifupi, khoma la njerwa la 230 la chipinda cha pamwamba, kulemera kwake komwe, komanso anthu ndi katundu nyumba ikayamba kugwira ntchito. Zonsezi pamodzi ndi matani pafupifupi 15. Tikaika malire achitetezo omwe BS 8110 imafuna, katundu wowerengera amakhala 47 kN pa mita iliyonse, ndipo pilala lililonse limalandira pafupifupi 106 kN.

Bimu ikasenza katundu imafuna kupindika. Pamwamba konkire imapanikizika, ndipo kupanikizika imakupirira bwino. M'munsi imakokeka, ndipo pokokeka konkire ndi yofooka kwambiri, mphamvu yake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake yopanikizika. Ntchito yokokayo ndi ya zitsulo zitatu zija. Pakati pa bimu mphamvu yopinda ndi 119 kNm, ndipo zitsulo zitatuzo zimakwanitsa pafupifupi 143 kNm. Chimodzi chokha chikaduka, ziwiri zotsalazo zimangofika 95 kNm, zomwe n'zochepa kale. Palibe chitsulo chapadera chomwe chinaikidwamo kuti wina adzadule.

Munanena pa foni kuti pafupi ndi pilala bimu sipindika kwambiri, ndiye kuboola pamenepo sikungavute. Mbali yoyambayo ndi yoona, ndipo ndi yomwe imasokoneza amisiri ambiri odziwa ntchito. Kupindika n'kochepadi pafupi ndi pilala, koma pamenepo ndi pomwe pali mphamvu ina yomwe timaitcha shiya, yomwe imafuna kudula bimu mopingasa ngati mmene sizasi imadulira nsalu. Katundu yense wa theka la bimu amadutsa pamenepo kuti atsikire mu pilala. Amadutsa motsetsereka, kuchokera pamwamba pa bimu kupita m'munsi pamutu pa pilala, ndipo konkire ya m'njira imeneyo imagwira ngati mzati wopendekeka. Maringi ndi omwe amanyamula katunduyo kumukweza pamwamba kuti atsetserekenso, pamene zitsulo za m'munsi zimagwira phazi la mzatiwo kuti lisatsakamuke. Kuya kwa bimu kofika pa zitsulo ndi mamilimita 407, ndipo bowo la pa 400 kuchokera pa pilala lagwera m'njira yeniyeniyo. Lichotsa konkire ya mzati wopendekekawo, lidula zitsulo zogwira phazi lake, ndiponso lidula maringi. Mpata wa pakati pa ringi ndi inzake ndi mamilimita 142. Bowo la 150 silingalowe pamenepo osadula ringi imodzi, ndipo likakhala pakati penipeni likhudza ziwiri.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mmene bimu yotere imagwera. Bimu yolephera chifukwa cha kupindika imachenjeza: imagwada pakati, ming'alu yoongoka imaoneka m'munsi, zitseko za pansi pake zimayamba kuvuta, anthu amapeza nthawi yoika zochirikiza. Yolephera ndi shiya sichita zimenezo. Mng'alu umodzi wopendekeka umayambira m'mphepete mwa bowo, n'kuthamangira ku pilala ndi ku silabu, ndipo bimu ingathe kutsika nthawi yomweyo. Ndiponso sizichitika tsiku lomwe mwaboola. Lero khoma la pamwamba lisanamangidwe, bimu yobooledwa ingaime bwinobwino, aliyense n'kumati mwaona, palibe chachitika. Katundu amadzakwana pambuyo pake, siling'i itatseka kale malowo, pansi pake pali anthu.

Kapitawo anafunsa ngati tingadule kenaka n'kuwotcherera zitsulo, kapena kumata ndi simenti yolimba mozungulira paipi. Ayi. Chitsulo cha Y20 chimafuna kulumikizana ndi chinzake pa utali wa mamilimita 800 mpaka 1,000 kuti mphamvu idutse bwino, ndipo kuti mupeze utali umenewo muyenera kugumula konkire yambiri kuposa bowo lenilenilo. Kuwotcherera m'kabowo, moyang'ana m'mwamba, palibe amene angatsimikize kulimba kwake, komanso moto umang'amba konkire yoyandikana nayo. Simenti yomata pambuyo imauma n'kunyala pang'ono, siigwirana ndi konkire yakale mokwanira kuti isenze katundu, imangotseka maso. Paipi ya chimbudzi nayonso ikadontha pa joini, chinyezi chimafika pa zitsulo zovulalazo, dzimbiri limatupa n'kusuntha konkire yophimba. Kuphwanya ndi makina ogogoda ndiye koipiratu, chifukwa kugwedezako kumalekanitsa chitsulo ndi konkire ngakhale pomwe simunafikepo.

N'zoona kuti munaonapo mapaipi akudutsa m'mabimu pa nyumba zina. Mabowo amenewo amakhala pa pulani konkire isanathiridwe. Amaika silivu pakatikati pa kuya kwa bimu, kutali ndi pilala, n'kuwonjezera maringi mbali zonse ziwiri, zitsulo pamwamba ndi pansi pa bowo, ndi zina zopingasa. B3 inathiridwa masiku 21 apitawo popanda chilichonse mwa izi. Kusuntha bowo kupita pakati pa bimu sikuthandizanso, chifukwa msinkhu womwe paipi ikufunika kudutsa ndi womwewo wa zitsulo za m'munsi, ndipo pakati ndi pomwe zitsulozo zakokeka kwambiri. Pulani ya mapaipi ndi ya zitsulo zikanayikidwa pamodzi tisanathire, nkhaniyi ikanatha ndi silivu imodzi. Pamenepo tonse tinaphonya, ine ndemwe.

Njira yomwe ndikufuna titsate ndi yoti paipi isawoloke bimu n'komwe. Chimbudzi cha pamwamba chili mamita 1.8 kuchokera ku khoma la kunja la kum'mawa. Paipi itsike pa silabu kumbali ya chimbudzi, itembenukire kum'mawa motsatira bimu, ituluke pa khoma la njerwa, ikalowe mu paipi yoimirira ya kunja, ndipo yoimirirayo ipitirire m'mwamba kupyola denga kuti izitulutsa mpweya. Kutsetsereka kukhale 1 pa 40, kutanthauza mamilimita 45 pa mamita 1.8. Pokhota gwiritsani mabendi awiri a madigiri 45 m'malo mwa imodzi ya 90, ndipo polowa mu yoimirirayo pakhale kachitseko kotokosera ikatsekeka. Zomangirira paipi zikhale pa mita iliyonse, zikhomedwe ku silabu, osati ku bimu. Pansi pakufunika mamita pafupifupi 4 a paipi yokwiriridwa kuti ikafike pa manholo omwe alipo kale.

Bowo la pa silabu nalonso lili ndi malamulo ake. Silabu ili ndi zitsulo za Y10 pa 200 iliyonse, choncho mpata ndi mamilimita 190 ndipo bowo la 127 limakwana osakhudza chitsulo. Tiyambe tapeza pomwe zitsulo zili ndi kachipangizo kofufuzira zitsulo, ndijambule ndekha malo ake, osachepera mamilimita 300 kuchokera m'mbali mwa bimu, kenaka aboole ndi makina a dayamondi othira madzi. Makina akangomveka kuti agunda chitsulo, aime, andiitane. Pansi pake patchingidwe, pasadutse munthu, chifukwa chidutswa cha konkirecho chimagwa chathunthu.

Ngati mwini nyumba sakufuna paipi yooneka kunja, ikhoza kudutsa pansi pa bimu, kusiya mpata wa mamilimita 25. Pansi pa bimu pali mamita 2.7 kuchokera pa fulo. Mukachotsa 25, 110 ya paipi ndi 75 ya kutsetsereka pa mamita 3 otsalawo, mutsala ndi pafupifupi mamita 2.49, ndipo bokosi la siling'i lobisa paipiyo litsikira pa 2.4. N'zotheka, koma mukhala bokosi m'khonde monse, komanso phokoso la madzi lizimveka m'chipinda chochezera. Ine ndasankha ya kunja.

Kusintha kwa njira ya mapaipi kuyenera kuonekera pa pulani woyendera nyumba wa khonsolo ya mzinda wa Harare asanabwere kudzaona ngalande, ndiye ndikutumizirani chojambula chake Lachinayi m'mawa, injiniya yemwe anasayina mapulani a zitsulo atachiona. Pakadali pano pulambala apitirize za madzi a m'khitchini, zomwe sizikhudza B3. Zochirikiza za pansi pa bimuyo zisachotsedwe mpaka titalandira zotsatira za makyubu a masiku 28 n'kuona kuti konkire yafika 25 MPa.

Ndapempha kapitawo kuti tiyendere limodzi mabimu onse a pansi mawa 8 koloko. Ngati pali pena pomwe a magetsi kapena a mapaipi anasema kale, ngakhale kamzere koloweka kondiwiti, andionetse pulasitala asanapake. Chonde yankhani imeloyi lero kutsimikiza kuti mwailandira ndipo pulambala wauzidwa.

Zikomo,
Injiniya wa pamalo a ntchito