Pepani anzanga, sindimakusekani

Achimwene, pepani chifukwa cha ka emoji kamene ndinaika dzulo pa gulu lathu la kuntchito la WhatsApp, mutalemba kuti mvula yagwetsa khoma la nyumba yanu ku Ndirande. Ndimafuna kuika kankhope kolira, komwe misozi imatsika ngati mitsinje iwiri, koma chala chinagunda koyandikana nako, koseka mpaka misozi. Pa foni yanga yaing'onoyi, magalasi ndisanavale, tiwiriti timafanana. Simunalakwe kuganiza kuti ndikukunyozani, pamaso pa anthu 23.

Ndafufuta, ndalembanso pa gulupo kuti ndinaphonya. Matumba awiri a simenti ndili nawo kunyumba. Mukalola, ndibwera nawo Loweruka m'mawa.